Lipoti lapita kale koma lili ndi cholakwika: momwe amakonzera osafufuta

Aliyense amene adalembapo lipoti la mwezi amaudziwa mtima umene umamugwira munthu akazindikira kuti nambala yomwe watumiza ndi yolakwika. Maganizo oyamba amakhala oti apemphe pepalalo libwere, afufute, alembe bwino, ndipo nkhani ithere pomwepo. Koma m'zipatala, m'maofesi owerengera ndalama, kupolisi ndi pa zisankho, njira imeneyi ndi yokanizidwa, ngakhale nambala yatsopanoyo ikhale yoona. Ambiri izi zimawazunguza: ngati cholakwika chadziwika, bwanji kuchisunga? Kuti nkhaniyi imveke, titsata chitsanzo chimodzi, lipoti la mwezi la malungo lochokera pa chipatala chaching'ono kupita ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma. Manambala ake ndi ongoyerekeza.

Chimene lipoti limasanduka likangoperekedwa

Lipoti lisanatumizidwe ndi la wolemba, ndipo akhoza kulilemba kakhumi osafunsa wina. Likasayinidwa n'kulandiridwa limasanduka umboni wa zinthu ziwiri. Choyamba ndi zimene zidachitika m'mweziwo. Chachiwiri, chomwe anthu amaiwala, ndi zimene chipatala chidanena pa tsiku lomwe chidatumiza. Ofesi ya m'boma ikhoza kukhala itawerengera kale mankhwala oti itumize potengera nambala yoyambayo. Mukaifufuta, amene adzafufuze mawa adzaona ngati ofesiyo idatumiza mankhwala ochepa popanda chifukwa.

Tiyerekeze kuti lipoti la Malichi lapita pa 5 Epulo. Lati anthu oyezedwa malungo ndi 1,240 ndipo opezeka nawo ndi 412. Pa 11 Epulo wosunga mankhwala akuona kuti pa khadi lake la katundu patuluka mabokosi 54 a zipangizo zoyezera, bokosi lililonse 25, zonse pamodzi 1,350. Zoyezera zingapo zimawonongeka mwezi uliwonse ndipo zina zimatsala m'bokosi lotsegula, koma kusiyana kwa 110 ndi kwakukulu. Mankhwala a malungo a LA nawo atuluka okwanira anthu pafupifupi 450.

Kalaliki wabwerera ku kaundula ndipo wapeza zolakwika ziwiri zosiyana mtundu. Atawerenganso tsamba ndi tsamba, opezeka ndi malungo ndi 421, osati 412: manambala adatembenuzika pokopera. Kusiyanaku ndi 9, ndipo anthu a ntchito yowerengera amadziwa kuti manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala, choncho akaona 9, 18, 27 kapena 90 amayamba kukayikira kutembenuzika. Cholakwika chachiwiri n'choti kaundula adadzaza pa 28 Malichi, watsopano adayambidwa tsiku lotsatira, ndipo masiku atatu omaliza a mweziwo sadawerengedwe. M'menemo muli oyezedwa 96 ndi opezeka ndi malungo 31.

Kukonza

Kukonza ndi pamene cholembedwa chili chabodza ndipo chikufunika china m'malo mwake, monga 412 uja. Pa pepala pali kachitidwe kake kodziwika. Mumadutsitsa mzere umodzi wokha pa nambala yolakwikayo kuti iziwerengekabe, mumalemba yoona pambali kapena pamwamba pake, kenako zilembo zoyamba za dzina lanu, tsiku limene mukukonzalo, ndi chifukwa m'mawu ochepa. Apa zingakhale: 412 wodulidwa ndi mzere, 421 pambali, zilembo za kalaliki, 11 Epulo, "manambala adatembenuzika pokopera". Zonsezi ndi bolopeni, osati pensulo.

Zoletsedwa ndi zinayi zimene dzanja limathamangira: kupaka tipeksi, kukhwatchakhwatcha mpaka nambala isaoneke, kulemba nambala ina pamwamba pa inzake kuti 1 asanduke 2, ndi kung'amba tsamba n'kukoperanso loyera. Zonsezi zikuchita chinthu chimodzi, kuchotsa mpata woti munthu wina aone chomwe chidalipo. Ndipo sizibisika. Tipeksi amaonekera mukakweza pepala ku dzuwa, nambala yolembedwa kawiri imakhala yonenepa kuposa zinzake, ndipo tsamba lokoperedwanso limakhala loyera mokayikitsa pakati pa masamba othimbirira ndi manja, lonse lolembedwa ndi inki imodzi ndi dzanja limodzi ngati kuti mwezi wonse udachitika m'ola limodzi.

Lamuloli lidakhwimitsidwa kwambiri pa kafukufuku wa mankhwala. Malangizo a mayiko osiyanasiyana a kafukufuku wa pa anthu, otchedwa ICH E6, omwe adavomerezedwa mu 1996, adanena kuti kusintha kulikonse pa fomu kukhale ndi tsiku, zilembo za wosinthayo ndi chifukwa ngati n'kofunika, komanso kusaphimbe zomwe zidalembedwa poyamba. Koma maganizowo ndi akale kuposa pamenepo. Luca Pacioli, amene mu 1494 ku Venice adasindikiza kafotokozedwe ka kasungidwe ka mabuku a ndalama a amalonda, adalangiza kuti cholembedwa molakwika chizibwezedwa ndi cholembedwa china chotsutsana nacho. Ndi mmene zimakhalira mukatumiza ndalama pa foni ku nambala yolakwika: zikabwezedwa, kutumiza koyamba sikuzimirika pa mndandanda, koma pamabwera mzere wina wosonyeza kuti zabwerera.

Pali kanthu kena kofunika pa lipoti lomwe lapita kale. Mzere umodzi uja mungaudutsitse pa kope yomwe yatsala pa chipatala, koma pepala limene lili ku boma silikonzedwa ndi zimenezo. Kukonza kope yanu yokha kumabala malipoti awiri a mwezi umodzi osagwirizana. Pafunika chikalata chotsatira pepala lija, ndipo tifikako.

Kuwonjezera, ndi kulemba mochedwa

Kuwonjezera n'kosiyana ndi kukonza chifukwa palibe chomwe chikudulidwa. Zomwe zidalembedwa ndi zoona pa gawo lake, kungoti n'zosakwanira. Oyezedwa 1,240 ndi oonadi kuyambira pa 1 mpaka pa 28 Malichi. Chosowa ndi 96 a masiku atatu aja. Chowonjezera chimalembedwa pa malo atsopano, pansi pa lipoti ngati pali mpata kapena pa pepala lina lomangiriridwa, ndi tsiku lake ndi siginecha yake. Sichifinyikizidwa pakati pa mizere yakale kuti chioneke ngati chidalipo kuyambira kale. N'chifukwa chake anamwino ophunzitsidwa bwino amadutsitsa mzere pa mpata wotsala akamaliza kulemba m'fayilo ya wodwala, kuti wina asadzalowetsemo mawu pamwamba pa siginecha yawo.

M'bale wake wa kuwonjezera ndi kulemba mochedwa. Apa chinthu chidachitika ndipo wochitayo adachidziwa, koma sadachilembe pa nthawi yake, monga namwino amene wapereka mankhwala usiku n'kukumbukira m'mawa kuti sadalembe. Cholembedwa chotere chimanyamula nthawi ziwiri: yomwe chinthucho chidachitika ndi yomwe chikulembedwa. Kuika tsiku lakale pa cholembedwa cha lero ndiko kulakwa kwakukulu pa nkhani yonseyi, chifukwa pamenepo munthu sakukonzanso cholakwika, akunama za nthawi imene adadziwa chinthu. Ofufuza amaona kulemba mochedwa ngati kufooka kwa ntchito, koma tsiku labodza amaliona ngati chinyengo.

Fanizo lapafupi ndi la kupolisi. Munthu amene adapereka sitetimenti ya zomwe adabedwa, n'kuzindikira pambuyo pake kuti wailesi nayo idapita, sang'ambitsa sitetimenti yoyamba. Amalembetsa ina yowonjezera ya tsiku lake, ndipo zonse ziwiri zimakhala m'fayilo. Wowerenga amatha kuona kuti wailesiyo idatchulidwa liti n'kudziweruzira yekha ngati kuchedwako n'komveka.

Njira yachidule imene imakopa ambiri pa chitsanzo chathu ndi kuponya 96 ndi 31 aja mu lipoti la Epulo, poganiza kuti pakutha pa chaka chiwerengero chidzakhala chomwecho. Cha chaka chidzakwanadi, koma miyezi iwiri yawonongeka: Malichi watsika, Epulo wakwera. Malungo amayenda ndi nyengo, ndipo amene amayang'ana kukwera ndi kutsika kwake mwezi ndi mwezi angaone ngati matenda akukwera pamene akutsika. Khadi la katundu nalonso silidzagwirizana ndi lipoti m'miyezi yonse iwiri.

Chikalata chotsatira lipoti

Kalaliki tsopano akulemba chikalata chachifupi. Pamwamba chikutchula lipoti lomwe chikukonza m'njira yosasokoneza: dzina la chipatala, mtundu wa fomu, mwezi wa Malichi, ndi tsiku limene lidatumizidwa. Chili ndi nambala yake, "chokonza choyamba", chifukwa pakhoza kudzabwera chachiwiri. Kenako pa malo aliwonse osinthidwa chikupereka nambala yakale, yatsopano, chifukwa, ndi komwe umboni uli. Chikhoza kumveka motere:

"Oyezedwa: tidalemba 1,240. Tikuwonjezera 96 a pa 29 mpaka 31 Malichi ochokera m'kaundula watsopano, tsamba 1 mpaka 4. Onse tsopano ndi 1,336. Opezeka ndi malungo: tidalemba 412. Nambala yoona ya pa 1 mpaka 28 Malichi ndi 421. Tikuwonjezera 31 a m'kaundula watsopano. Onse tsopano ndi 452. Zina zonse za m'lipoti sizikusintha."

Mawu oti "onse tsopano ndi" asaoneke ngati osafunika. Chikalata chongoti "opezeka ndi malungo: 31" chimasiya wolandira osadziwa ngati aphatikize 31 kapena aike 31 m'malo mwa 412, ndipo zonse ziwirizi zimachitika. Chimodzimodzi mzere womaliza woti zina sizikusintha: umapulumutsa wolandira ku ntchito yofananiza fomu yonse bokosi ndi bokosi.

Amasayina awiri, wokonza ndi mkulu wa chipatala, makamaka ngati ndi yemwe adasayina lipoti loyamba. Kope imodzi imamangiriridwa ku lipoti lotsala pa chipatala, ina imapita ku boma kukamangiriridwa ku loyambirira lija. Pa lipoti loyamba palokha pamangolembedwa kamzere kolozera, monga "onani chokonza choyamba cha pa 11 Epulo", kuti wolitsegula asaligwiritse ntchito mosadziwa.

Nthawi zina zolakwika zimachuluka kotero kuti n'kwabwino kudzaza fomu yatsopano yonse. Izi n'zololedwa, bola fomuyo ilembedwe pamwamba kuti ikulowa m'malo mwa ya tsiku lakuti, ndipo yakaleyo ilembedwe kuti yalowedwa m'malo koma isungidwe. Fomu yachiwiri yofika yopanda chizindikiro ndi ngozi: wina akhoza kuitaya poiyesa kope, wina akhoza kuphatikiza zonse ziwiri, chipatala n'kupezeka ndi odwala malungo 864.

Taonaninso chimene kukonzaku kwasintha. Poyamba opezeka ndi malungo adali 33.2 pa anthu 100 aliwonse oyezedwa, ndipo tsopano ndi 33.8. Woyang'ana gawo limeneli lokha sakadaona vuto. Koma anthu 40 omwe adamwa mankhwala adasowa m'lipoti, ndipo wofufuza katundu akadafunsa kuti mankhwala awo adapita kuti. Pa zoyezera, kusiyana kwatsika kuchoka pa 110 kufika pa 14, komwe n'komveka.

Mapazi a pa kompyuta

Pa pepala, mzere umodzi uja ndiwo umasunga mbiri. Pa kompyuta nambala yatsopano imadya yakale osasiya chipsera, pokhapokha pulogalamuyo ikhale yosunga payokha mndandanda wa zosinthidwa: ndani adasintha, liti, ndipo padali chiyani. Ku America lamulo la 21 CFR Part 11 la mu 1997, lokhudza zolembedwa za pa kompyuta m'ntchito za mankhwala, lidafuna kuti mndandanda wotere uzilembedwa ndi kompyuta yokha, ndi nthawi yake, komanso kuti kusintha kusaphimbe zomwe zidalembedwa kale.

Malipoti a zaumoyo ku Malawi amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yomwe chitukuko chake chimatsogoleredwa ndi Yunivesite ya Oslo ku Norway. M'menemo bokosi lililonse la nambala lili ndi zenera lake la zambiri. Gawo lotchedwa Audit trail ndilo limaonetsa mapazi a zosinthidwa. Ambiri amalisokoneza ndi History, lomwe limaonetsa manambala a bokosi lomwelo m'miyezi yapitayo, osati kusinthidwa kwa nambala ya mwezi uno. Palinso malo a Comment, ndipo apa ndi pomwe wolowetsa ayenera kulemba kuti "chokonza choyamba, 11 Epulo", chifukwa kompyuta imadziwa amene wasintha koma chifukwa chake siyingachidziwe yokha.

Ngati nthawi yolowetsera idadutsa ndipo fomu ya mweziwo yatsekedwa, woyang'anira pulogalamu akhoza kutsegulira chipatala chimodzicho pa mwezi umodziwo kudzera mu lock exception. Nambala ikasinthidwa siyimaoneka nthawi yomweyo m'matebulo ndi zithunzi za chiwerengero mpaka pulogalamu iwerengerenso, zomwe kawirikawiri zimachitika usiku. Osadziwa izi amasintha kawiri katatu poyesa kuti sizidalowe.

Mapaziwa ali ndi malire. Ofesi yonse ikamalowa ndi dzina limodzi ndi nambala yachinsinsi imodzi, mndandanda umaonetsa munthu mmodzi akusintha chilichonse, ndipo funso loti ndani silingayankhidwe. Komanso mndandandawo sutsata manambala omwe adatulutsidwa kale. Ngati wina adakopera 412 pa 8 Epulo n'kumuika mu lipoti la msonkhano, nambalayo ikhala momwemo mpaka wina amuuze.

Chifukwa chake tipeksi ndi nkhani ku Malawi

Anthu ambiri kuno adaphunzira za nkhaniyi kudzera pa chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019. Mapepala ambiri a zotsatira adapezeka atapakidwa tipeksi. Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima adakasuma kukhoti potsutsa kupambana kwa Peter Mutharika. Bungwe la zisankho lidafotokoza kuti kusinthako kudali kukonza masamu olakwika, osati kusintha mavoti a opikisana, pomwe odandaula adati mapepala otere sangadaliridwe. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko adathetsa zotsatirazo potchula tipeksi pamodzi ndi zolakwika zina, monga mafomu opanda siginecha ndi kugwiritsa ntchito makope m'malo mwa mafomu enieni. Khoti lalikulu la apilo lidagwirizana nazo pa 8 Meyi 2020, ndipo chisankho chidachitikanso pa 23 Juni 2020.

Kaya munthu adaima mbali iti, pali mfundo imodzi ya kalembedwe yomwe ikuonekera. Nambala ikaphimbidwa, wokonza moona mtima ndi wokonza mwachinyengo amasiya pepala looneka mofanana, ndipo woona mtimayo amataya umboni umene ukadamuteteza.

Mafunso omwe sadathe

Loyamba ndi la nthawi. Kodi chitseko chokonzera chitsekedwe liti? Kuchisiya chotsegula kumalola choonadi kulowa ngakhale mochedwa, komanso kumalola nambala kusinthidwa anthu atadziwa kale zomwe mabwana akufuna kuona. Kuchitseka msanga kumakhazikitsa zolakwika, ndipo kumakankhira anthu ku njira ija yoponya zotsala mu mwezi wotsatira. Mabungwe amasankha mosiyana.

Lachiwiri ndi la kukula kwa cholakwika. Kusiyana kwa 40 n'koyenera chikalata. Nanga kwa munthu mmodzi? Ena amati chilichonse chikonzedwe, ena amati pakhale malire kuti akalaliki asamire m'mapepala. Vuto n'loti m'chiwerengero cha malungo mmodzi sasintha kanthu, pomwe m'chiwerengero cha amayi omwalira pobereka mmodzi ndi nkhani yaikulu.

Lachitatu ndi loti nambala yovomerezeka ndi iti lipoti la dziko litasindikizidwa kale ndi 412 pamene kompyuta ikunena 452. Aliyense wotchula imodzi akunena zoona pa tsiku lake, ndipo si nthawi zonse pamene tsikulo limalembedwa pambali pa nambala.

Lachinayi likukhudza munthu amene lipoti likunena za iye. Lamulo la ku Ulaya loteteza zambiri za anthu, GDPR, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018, limapatsa munthu ufulu wokonzetsa zolakwika, ngakhale kudzera m'mawu owonjezera, komanso pa zifukwa zina ufulu wofufutitsa. Ngati m'fayilo ya wodwala mudalembedwa molakwika matenda ochititsa manyazi, mzere umodzi umasiya mawuwo akuwerengekabe kwa aliyense wotsegula fayiloyo. Chipatala chikufuna mbiri yonse chifukwa mwina mankhwala adaperekedwa potengera cholakwikacho, pomwe wodwala akufuna mawuwo achoke. Kubisa zoyambazo kwa ambiri n'kuzisiyira ochepa ololedwa n'kotheka pa kompyuta, koma pa pepala n'kovuta.

Lomaliza ndi la momwe oyang'anira amawerengera zokonzazo. Chipatala chimene chatumiza zokonza zisanu pa chaka, kodi ndi chosasamala kapena ndi chomwe chimabwerera ku kaundula kukaona? Nanga chomwe sichidatumizepo ngakhale chimodzi? Woyang'anira akamadzudzula kalaliki pa chokonza chilichonse, kalaliki wotsatira adzaona 110 uja n'kukhala chete, ndipo palibe muyeso wogwirizanika wosiyanitsira lipoti lopanda zolakwika ndi lipoti lomwe zolakwika zake sizidanenedwe.